Malaya a M'sutikesi ya Tenanti

Tenanti wa chipinda chakumapeto, mtsikana wa ku saluni, anasowa osatsanzika. Mayi alandilodi anamata chidziwitso pachitseko, china anakasiya ku saluniko, foni anaimba mpaka kutopa. Tsiku lolembedwa pachidziwitsocho litadutsa, anaitana aneba kuti akhale mboni polemba katundu asanamusunge m'sitolo.

Amuna a alandilodiwo ndiwo anavuta. "Zolembalembazi n'zachiyani, mayi? Ndisiyireni, ndilongedza ndekha."

Mayiwo anakana. Ankatchula chinthu chimodzichimodzi, aneba n'kumalemba: matiresi, mapoto awiri, chowumitsira tsitsi. Atatsegula sutikesi, pamwamba penipeni panali malaya achimuna opindidwa bwino. Batani lachitatu mayiwo analisoka okha, ndi ulusi wofiira, woyera utawathera. Malayawo, a amuna awo, ndi omwe aja anakalipira nawo mwana wa mchemwali wawo kuti waba, mpaka mwanayo anabwerera kwa makolo ake akulira.

Bambowo anatambasula dzanja. Mayiwo analimenya.

"Katundu wa tenanti sakhudzidwa, bambo. Aneba, lembani: malaya achimuna amodzi." Anatseka sutikesiyo. "Mwiniwake akawafuna, abwere adzasayine pamaso panga."