Mbali Yapansi ya Thirayango

Madzi atadzaza ku Makhanga, m'makalasi munalowa mabanja othawa chigumula, ndipo a Tomasi anayamba kuphunzitsa masamu pa WhatsApp. Ana a Fomu 3 ankabwereka mafoni a makolo awo.

Ndiye kunabwera uthenga wa mpikisano wa masamu ku boma la Nsanje. Sukulu imayenera kutumiza mwana mmodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi Esinala kapena Lilian. A Tomasi anati funso limodzi lisankha. Anajambula pamanja thirayango ABC, ngodya ya B ya madigiri 90, AB masentimita 6, BC masentimita 8 olembedwa kunsi kwa mzere wapansi. Pezani AC.

Pepalalo analitola chithunzi lili pabawo, masana a tsiku la ntchito. M'munsi mwa chithunzi munkaoneka botolo la mowa, ndipo ahedi anali m'gulu lomwelo la pa WhatsApp. Anadula m'munsimo n'kutumiza.

Lilian anayankha msanga kuti 10. Esinala analemba kuti funsolo silingayankhidwe: mbali imodzi ndi ngodya imodzi sizikwanira. A Tomasi anamuyankha pagulu pomwepo kuti nzeru zikachuluka zimasanduka mwano, n'kupereka dzina la Lilian kwa ahedi.

Tsiku la ulendo, akupita kudooko, a Tomasi anatsegula chithunzi chija kuti asekenso. Botolo panalibe. Nayenso 8 panalibe. Mzere wapansi unathera m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi.

Kudooko anakokera Lilian pambali n'kumufunsa kumene anatenga BC.

"Sala, inu mukalemba 6, winayo amakhala 8. Chiyambire Fomu 1."

Wopalasa bwato anali kukalipira anthu m'Chisena kuti afulumire. Ahedi anali pomwepo, m'manja muli chikwama cha Lilian. Mawu ofunika anali ochepa, a Tomasi anawasanja m'mutu: Esinala analondola, chithunzi ndinadula ndine. Koma ahedi akanafunsa chimene ankadula.

Apo n'kuti Esinala akubwera ndi mayi ake. Mayiwo anapereka moni kwa ahedi, kenako kwa a Tomasi, nanena kuti foni ndi yawo, uthenga uja anauwerenga, ndipo mwana sanamulere choncho. Anamukankha pang'ono paphewa. Esinala anagwada pamatope.

"Pepani sala. Mwina sindinaonetsetse."

"Mwamva, a Tomasi?" anatero ahedi. "Ana odzichepetsa akadalipo."

A Tomasi anayang'ana foni m'dzanja lawo, nayiika m'thumba.

"Dzuka," anatero. "Zatha."

Lilian anakhala pakati pa matumba a mapira, bwato n'kuchoka. Esinala anakweza dzanja kutsanzika mnzakeyo. Kenako, mayi ake atapita patsogolo, anatsalira pang'ono n'kufunsa motsitsa mawu ngati sala angamuonetse pamene panali BC, kuti tsiku lina asadzaphonyenso.

A Tomasi anati foni yatha moto.