Mphuno ya a Manijala

A Aloysius Kapyepye, manijala wa loji ina pafupi ndi chipata cha Mwanza, atabwerako kumaphunziro a masiku awiri ku Blantyre anayamba kuyankhula ngati munthu wowoloka nyanja. Ankati mlendo amaiwala mtundu wa makatani, koma fungo saliiwala, ndipo likamukomera amabweranso. Choncho Lolemba anakhoma kamakina kopopera fungo la maluwa polandirira alendo, kuti madalaivala a mathiraki asamathawire kuloji yatsopano ya patsidya pa msewu.

Vuto linali mphuno yawo. Munthu ukakhalitsa m'fungo sulimvanso, ndiye pofika teni koloko a Aloysius sankamva kanthu. Ankadzuka, kununkhiza m'mwamba, kuwonjezera mphamvu ya makina, kukhala pansi, kudzukanso. Pofika Lachitatu anali pa nambala yomaliza.

Masana ake anatulukira a Vincent, dalaivala wa njira ya ku Beira amene ankagona pamenepo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anaima pakhomo chikwama chili paphewa, n'kuyetsemula katatu.

"Bwana, mwagonekamo maliro muno?"

"Limenelo ndi fungo lathu lapadera, kuti muzitikumbukira."

"Ine ndinkakukumbukani kale. Ndikangomva polishi wofiira ndi makoko a manachesi, ngakhale ndili ku Tete, tulo timandigwira. Izizi zikundiwawitsa mutu."

Atatero anawoloka msewu.

A Aloysius anazimitsa makina, n'kupempha a Sellina, mayi okolopa amene a manijalawo anawaletsa kupaka polishi Lolemba lomwelo, kuti akafunefune chitini cha polishiyo. A Aloysius eni akewo anakokera mpando pakhomo n'kuyamba kusenda manachesi mwachangu, maso ali patsidya.