Nyemba za aNachisale

Amosi anatopa nayo mimba yake kalekale, anthu asanayambe n'komwe kutopa naye iyeyo. Anali mkamwini m'mudzi wina kuseri kwa Nsaru, kwawo kwa mkazi wake Salome, ndipo mukudziwa kuti mkamwini amamuyesa ndi khasu. Khasulo ankalitha ndithu. Koma m'mawa anzake akamanyamuka kukawokera fodya, iye amakhala ali kuchimbudzi. Atuluke, asambe m'manja, anyamule khasu, afike pamphambano, n'kubwereranso chothamanga. Sabata ina zinkatembenuka: masiku atatu osachita kanthu, mimba ili ndi! ngati ng'oma, kupotokola kokhakokha.

Kumjigo nkhani inali yomweyo. "Mkamwini wa aNachisale uja amalima m'chimbudzi, eti," amayi ankatero, n'kuseka mpaka ndowa kusefukira. ANachisale, amayi ake a Salome, sankaseka nawo. Ankangomanga nkhope n'kusenza ndowa yawo.

Kuchipatala anali atapitako katatu. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, anamwa a zilonda za m'mimba, anamwa ena owawa aja osiya mkamwa ngati mwanyambita chitsulo. Palibe. Achibale ake atabwera kudzamuona, azakhali ake ananena mokweza dala kuti, "Mwana uyu sankadwala chonchi kwathu, kapena anamudyetsa." Mawuwo anakhala m'mudzimo alendowo atapita.

Ulendo wachinayi anapeza dokotala wina, bambo wa maso otopa ngati ake omwe. Anatsegula buku la Amosi la kuchipatala n'kuliwerenga mpaka kumapeto.

"Magazi ali bwino, chimbudzi anayeza mulibe njoka, likodzo mulibe. Kodi zayamba liti?"

"Chaka chatha, adokotala. Chaka ndi miyezi."

"Miyezi itatu yapitayi, ilipo sabata imene mimba sinapweteke ngakhale tsiku limodzi?"

"Palibe."

"Mukapita kuchimbudzi ululu umasintha?"

"Umachepa. Nthawi zina umabweranso."

"Ukamabwera ululuwo, chimbudzi chimasintha? Kapitidwe kake, kaonekedwe kake?"

Amosi anayang'ana pansi. "Lero madzi, kangapo. Sabata ina timiyala ngati ta mbuzi."

Dokotalayo sanaseke. Anafunsa ngati anaonapo magazi m'chimbudzi, ngati akuwonda, ngati thupi limatentha, ngati mimbayo imamudzutsa kutulo, ngati kwawo wina anadwalapo khansa ya m'matumbo. Zonse ayi. Anamugoneka n'kudinadina pamimba, kenako anakhala pansi.

"Azungu amati IBS. Matumbo anu alibe chilonda, koma sachedwa kunyanyuka. Ubongo ndi matumbo zimalankhulana kudzera m'mitsempha tsiku lonse. Kwa inuyo matumbo amakokomeza uthenga: kampweya kamene mnzanu sangakamve n'komwe, inu mumakamva ngati mpeni. Ndiye mukada nkhawa ubongo nawo umatumiza zake, matumbo n'kuyamba kuthamanga kapena kuima. Ululuwo ndi weniweni, si ulesi. Matendawa sapha, sasanduka khansa, komanso sindikunamizani kuti adzatheratu. Timangowaweta."

"Ndiye sanandidyetse?"

"Palibe anakudyetsani. Koma zilipo zakudya zimene zimakoka madzi m'matumbo n'kufufuma. Kwa masabata anayi siyani nyemba, anyezi, adyo, mkaka, mango, buledi ndi mandasi. Nsima idyani, mpunga, usipa, mazira, nkhwani wotendera, zonsezo palibe vuto. Muzidya pa nthawi yake, modekha. Akatha masabata anayiwo muzibwezera chimodzichimodzi, masiku atatu chilichonse, muone chokuvutani. Musasiye zonse moyo wonse, mungafooke. Mukadzaona magazi kapena kuwonda, mubwere msanga."

Amosi anapalasa njinga kubwerera mtima uli m'malo, mpaka anakumbukira amene amaphika.

Nyengo ya fodya imeneyo Salome ankaswera kumunda, ndiye ndiwo za banja lonse ankaphika ndi aNachisale. Masana mbale yovindikira inkabwera kunyumba ya mkamwini, ndipo inkayenera kubwerera yopanda kanthu. Tsono ndiwo za aNachisale, abale inu, zinali nyemba. Lolemba nyemba, Lachitatu nyemba, zokazingira anyezi wambiri, chifukwa ankanyadira kuti m'mudzimo palibe wowaposa.

"Kawauzeni amayi," Amosi anapempha mkazi wake.

"Ndikawauze chiyani? Kuti nyemba zawo zimakutsegulani m'mimba? Pambuyo pa mawu a azakhali anu aja? Amuna anga, inu simuwadziwa amayi."

"Nanga ine ndikanene ndekha?"

Mkamwini akaona apongozi panjira amapatuka n'kulowa patchire. Ndiye akaime pamaso pawo n'kumafotokoza za kuchimbudzi?

Sabata yoyamba Salome ankadya yekha nyemba za anthu awiri, Amosi n'kumadyera usipa. Sabata yachiwiri Salome anati zamukola. Apa ndi pomwe Amosi anaganiza nzeru yake yoipa ija: ankati akaona kuti kunja kuli zii, n'kukakhuthula mbaleyo m'khola la nkhumba. Ndipo mimba inayambadi kumvera. Kufufuma kunachepa, masiku ena ankafika kumunda pamodzi ndi anzake. Anayamba kuyimba ndi mluzu womwe.

Tsiku lina masana aNachisale anapita kukholako kukataya makoko a mango. Anapeza nkhumba zili pa nyemba zawo, nthunzi ikadali kutuluka, mkamwini ataima pomwepo mbale ili m'manja.

ANachisale anatembenuka n'kumapita. Pofika madzulo mjigo wonse unali utadziwa kuti mkamwini amayamba wadyetsa nkhumba kuti aone ngati zife. Loweruka uthenga unabwera kuchokera kwa a Chikoti, malume ake a Salome, amenenso anali nkhoswe: Amosi aitane nkhoswe yake, ndipo akonzeretu katundu wake, chifukwa mlongo wawo sangasunge pamudzi munthu womuyesa mfiti.

Masiku atatu odikira bwalolo Amosi sanadye nyemba ngakhale imodzi, koma mimba inabwerera mwakale. Anakumbukira za ubongo zija, koma kukumbukira sikunaletse kanthu.

Anakumana m'mawa pansi pa chigafa. Kwa Amosi kunabwera achimwene ake, a Enock, monga nkhoswe yake. ANachisale anakhala pamphasa chapatali, atapereka msana. Salome anakhala pakati, maso ali ofiira.

"Ife tinakupatsani munda," anayamba a Chikoti. "Tinakupatsani mwana. Kulima mwajombajomba tinapirira. Lero mlongo wanga wasanduka wodyetsa anthu? Kodi nkhumbazo zafa zingati?"

"Zanenepa," wina anayankhira kumbuyo, anthu n'kuseka chamumtima.

A Enock anatulutsa buku la kuchipatala. A Chikoti analitembenuza uku ndi uku. "Izi analemba nkhuku. Tiwerenge chiyani apa? Munthuyo pakamwa ali napo, anene yekha."

Amosi anamva mimba ikupota, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana msana wa apongozi ake. Akakhala chete, madzulo akhala ali panjinga ndi chikwama, Salome atatsala. Akalankhula, mjigo udya nkhaniyo mpaka kukolola. Anali atatopa moti manyaziwo anawaona ngati katundu wopepukirapo.

"Pepani amayi, ndilankhula zosayenera pamaso panu," anatero. "Ine ndimatsegula m'mimba. Ndikapanda kutsegula ndimadzimbidwa. Chaka ndi miyezi. Adokotala anati matumbo anga ndi amantha, amamva zilizonse, ndipo ndikada nkhawa amathamanga. Anati palibe anandidyetsa. Anandiletsa nyemba ndi anyezi masabata anayi, za aliyense, ngakhale zophika amayi anga ondibereka. Kenako ndiziyesa chimodzichimodzi. Ndinasowa pouzira. Ndinalakwa kupatsa nkhumba. Ndipo panopa, a Chikoti, mundikhululukire, sindingathe kudikira."

Anadzuka n'kuthamanga, bwalo lonse likumuona komwe akulowera.

Atabwerako anapeza Salome akulankhula. Ankawerenga pazala zimene dokotala analetsa, n'kuulula kuti sabata yathunthu nyembazo ankadya ndi iyeyo mpaka kumukola, ndiponso kuti mwamuna wake anamutuma kwa amayi iye n'kukana.

"Ndiye wolakwa ndiwe," anatero a Chikoti. "Unabadwira m'nyumba imeneyo, ukuopa chiyani?"

"Malume, inunso mumawaopa."

Apa a Enock anatsokomola kubisa chiseko. ANachisale sanatembenuke, koma analankhula, mawu akupita kwa mwana wawo monga mwa mwambo.

"Salome, uwafunse amuna akowo. Lero adya nyemba zanga?"

"Ayi amayi, sabata yachitatu ino."

"Nanga athamangiranji?"

"Mantha, amayi. Akuopa kuchotsedwa."

ANachisale anathothola udzu m'mphepete mwa mphasa.

"Matenda osankha ndiwo ine sindinawaonepo," anatero. "Koma munthu wamkulu sangadzivule chonchi pagulu pofuna kunama. Uwauze akhale. Azakhali awo aja adzabwere adzabweze mawu awo pano pomwe. Ndipo zoyesayesazo ndiphika ndine, ndione ndi maso anga. Nkhumba zanga asazizoloweze anyezi."

A Chikoti anawomba m'manja kamodzi, nkhani n'kutha.

Masabata anayi atakwana, mbale yovindikira inabwera ndi nyemba masipuni atatu, zopanda anyezi. Tsiku loyamba bwinobwino. Lachiwiri anawonjezera, mimba inangolira pang'ono. Lachitatu aNachisale anadzaza mbale, ndipo Amosi anaswera atapinda mawondo pamkeka. Anapuma masiku angapo n'kuyesa mkaka, sunamuvute. Mango limodzi linadutsa, awiri ayi. Anyezi ndiye anamugwetseratu tsiku loyamba lomwelo.

"Anyezi!" aNachisale anadandaula kumjigo. "Ndiwo zopanda anyezi ndi ndiwo kodi? Ndakalamba ine, ndiziphika miphika iwiri ngati ndili ndi khanda."

Koma ankaphika. Azakhali aja mpaka lero sanabwere, akuti miyendo. Amosi amafika kumunda masiku ambiri, ena safika, ndipo a Chikoti akaona mzere wake uli wosayamba amangopukusa mutu n'kuyamba wawo.